Mtsuko Umene Unaleka Kuziziritsa Madzi

Kumbuyo kwa ndalama yapepala ya 20 naira ya ku Nigeria kuli chithunzi cha mayi ali pa ntchito youmba. Dzina lawo ndi Ladi Kwali. Anabadwa cha m'ma 1925 m'mudzi wa Kwali, pakati pa anthu a mtundu wa Gbagyi, ndipo anamwalira mu 1984. Anaphunzira kuumba ali mtsikana, kwa mayi wina wa m'banja lawo, monga amaphunzirira atsikana a ku Katete kapena ku Chadiza. Lero mitsuko yawo ili m'nyumba zoonetseramo zaluso ku Ulaya ndi ku America. Yambiri mwa mitsuko imene inatchukayo singathe kugwira ntchito imene mtsuko umaumbidwira. Siiziziritsa madzi, ndipo ndi yolemera moti palibe angapite nayo kuchitsime.

Nkhaniyi imandivutitsa maganizo chifukwa ikuoneka ngati ikunena kuti chinthu choumbidwa, cholukidwa kapena chotungidwa chimayamba kulemekezedwa chikangoleka kutumikira munthu. Ngati zili choncho, malire amene aikidwa pakati pa ntchito zamanja ndi luso lapamwamba ali ndi nkhanza mkati mwake. Malirewo ndiwo amanena woyenera kulembedwa dzina pakhoma ndi woyenera kukhala pansi pamsewu kuyembekeza alendo. Ndiwonso amanena mtengo.

Tiyambe ndi mtsukowo, pakuti mkangano wa mtundu uwu umasokera msanga anthu akaiwala dongo.

Mtsuko wa kumudzi umaumbidwa ndi dongo la kumtapo losakaniza ndi mchenga kapena mapale akale osinja. Zosakanizazo zimachepetsa kufota kwa dongo pouma, ndipo zimapatsa nthunzi njira yotulukira poocha. Woumba amayamba ndi tsinde, kenako amasanjikiza mizere ya dongo yopotedwa ngati zingwe, kwinaku akukanda mkati ndi kusalaza kunja. Ladi Kwali sankazunguza mtsuko. Iwo ndiwo ankauzungulira, dzanja lina mkati, lina kunja. Mtsuko ukalimba pang'ono, woumba amaukulungiza ndi kamwala kosalala ndi kulembapo mizere. Kenako umauma pamthunzi kwa masiku angapo, chifukwa ukauma mothamanga umang'aluka, ndipo ukapita pamoto uli ndi chinyezi umaphulika. Kuocha kumachitikira pabwalo, ndi nkhuni, udzu kapena makungwa. Moto wotere nthawi zambiri umasewera pakati pa madigiri 600 ndi 900, ndipo sukhalitsa. Woumba wodziwa amagogoda mtsuko ukazizira. Ukalira bwino, wapsa. Ukamveka ngati wagogoda chikuni chonyowa, uli ndi mng'alu kapena sunapse.

Pa kutentha kumeneko dongo limauma gwa koma silitsekeka. Limatsala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi amadutsamo pang'onopang'ono mpaka kunja, nchifukwa chake mtsuko wabwino umaoneka ngati ukutuluka thukuta. Thukutalo likamauma ndi mphepo limatenga kutentha kwa madzi a mkati. Mu mtsuko wa malita 20, kapu imodzi ya madzi ikauma motere, kutentha kumene imachotsa kungatsitse madzi otsalawo ndi madigiri pafupifupi 7, kukanakhala kuti mpweya wotentha wakunja sukubwezeramo kwina. Choncho kudontha pang'onoko si chilema. Ndiyo ntchito yake ya mtsuko, ndipo amene anamwapo madzi a mumtsuko masana a mwezi wa Okutobala ku Luangwa akudziwa zimene ndikunena.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Mngelezi wina woumba, Michael Cardew, anatsegula sukulu ya zoumba m'tauni ya Abuja yakale, imene tsopano imatchedwa Suleja. Anaona mitsuko ya Ladi Kwali kunyumba ya mfumu ya kumeneko, imene inali itaisonkhanitsa kale chifukwa choikonda. Mu 1954 mayiwa analowa pa sukulupo, ndipo anali mkazi woyamba kutero. Anaphunzira kuumba pa gudumu lozungulira, koma mitsuko ikuluikulu anapitiriza kuiumba ndi manja monga kwawo, ndi kulembapo abuluzi, ng'ona, zinkhanira, nsomba, mbalame ndi abilimankhwe. Zimene zinasintha ndi zitatu. Dongo linakhala lija lopirira moto waukulu. M'mizere yolembedwa ankathiramo dongo loyera kuti zithunzi ziwale, ndipo pamwamba ankapaka madzi a miyala yopera amene amasanduka galasi akapsa. Chachitatu, mtsuko unkalowa mu uvuni wopitirira madigiri 1,200.

Pa moto umenewo timabowo tonse timatsekeka. Mtsuko umakhala wolimba ngati mwala, wonyezimira, wolemera, wosadontha. Madzi ake amakhala otentha monga mmene anawathirira. Mitsuko imeneyi inaonetsedwa ku London mu 1958, ndipo kuyambira pamenepo dzina la Ladi Kwali linamveka kutali.

Tsopano funso: kodi luso linalowa liti mu mtsuko wa mayiwa? Manja ndi omwewo. Maonekedwe a mimba ya mtsuko, khosi ndi mlomo ndi omwewo. Buluzi ndi yemweyo. Ndikudziwa mayankho atatu amene anthu amapereka pofuna kuika malire, ndipo mtsuko uwu umayesa onse atatu.

Yankho loyamba likuti chinthu chogwiritsa ntchito ndi cha mmisiri, pamene chinthu chongoyang'ana ndi kuchisinkhasinkha ndicho luso lenileni. Maganizowa anakula ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700, pamene zojambula, zosema, nyimbo ndi ndakatulo zinaikidwa m'gulu lake lolemekezeka, ndipo oumba, oluka ndi osoka anatsala kunja. Tikawatsatira, ndiye kuti uvuni wa Cardew ndiwo unasandutsa mtsuko kukhala luso pouphera ntchito. Koma taganizani zimene tikunena pamenepo. Tikunena kuti kukongola kunabwera chifukwa chinthu china chinachotsedwa. Mfumu ija inasonkhanitsa mitsuko isanaone uvuni, ndipo Cardew anaima kuiyang'ana ikadali yoziziritsa madzi. Zimene zinawakoka onse awiri zinalimo kale. Galasi linangochititsa kuti mtsuko upirire ulendo wa pa nyanja ndi kufanana ndi zimene ogula a ku London ankazidziwa.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikira nsalu. Ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku America, amayi ankasoka zofunda polumikiza zigamba za zovala zakutha, kuti ana asazizidwe usiku. Mu 2002 zofundazo zinapachikidwa pa makoma a nyumba zazikulu zoonetseramo zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo olemba nkhani anazitamanda ngati zojambula zamakono. Palibe ulusi ndi umodzi womwe umene unasintha. Chofunda chinangochoka pa bedi n'kupita pakhoma. Ngati kupachika ndiko kumabala luso, ndiye kuti waluso wamkulu ndi mwini msomali.

Yankho lachiwiri ndi lozama, ndipo silithawika mosavuta. Katswiri wa nzeru zakuya wa ku England, R. G. Collingwood, analifotokoza m'buku lake la mu 1938 lotchedwa The Principles of Art. Mwachidule, iye ankati mmisiri amadziwiratu chimene akufuna kupanga asanayambe, ndipo ntchito yake ndi njira chabe yofikira pa chinthu chodziwika kalecho. Waluso sadziwiratu. Amazindikira chimene akufuna kunena pamene akuchipanga. Wopanga tebulo ali ndi miyeso yake papepala, pamene wolemba ndakatulo alibe.

Ndikuvomereza kuti pali kusiyana kwenikweni pamenepa. Aliyense amene anayendapo pamsika wa zogulitsa kwa alendo anaona mvuu zamtengo makumi awiri zofanana ndendende, zosemedwa ndi munthu amene maganizo ake anali kwina. Kuzitcha zonse luso lapamwamba kungakhale kunyengerera, ndipo kunyengerera ndi chipongwe chobisika. Koma kusiyana kumene Collingwood anaona sikutsata zipangizo. Ojambula ndi penti nawonso amabwereza. Dzuwa lolowa kuseri kwa mlambe, ndi mayi wosenza mtsuko pamutu, lajambulidwa kambirimbiri ndi anthu amene ankadziwiratu chilichonse asanaviike burashi. Penti sinawapulumutse.

Nanga woumba amadziwiratu chiyani? Amadziwa kuti mtsuko uyenera kusunga madzi ochuluka mwakuti, kukhala pa nkhata osagwa, ndi kukhala ndi mlomo wolowa chikho. Zimenezi ntchito ndiyo imalamula. Koma mitsuko chikwi yosiyanasiyana ingakwaniritse malamulowa. Ntchito sinena pamene mimba iyenera kufufuma kwambiri, kaya pakati kapena cham'mwamba pafupi ndi mapewa. Sinena kuti khosi lipindike mwadzidzidzi kapena modekha. Sinenanso mmene buluzi angagonekedwere pa malo obulungira kuti asaoneke wothyoka msana munthu akamazungulira mtsuko. Ladi Kwali ankagawa thupi la mtsuko ndi mizere yoima, ndipo mkati mwa gawo lililonse ankatambasula nyama mpaka idzaze malo ake, mchira ndi miyendo zikutsata kupindika kwa dongo. Kuti zimenezi zitheke, munthu amasankha mpeni uli kale pa dongo, ndipo mzere ukalembedwa sufafanizika bwino. Mpata wotsala pakati pa zimene ntchito imalamula ndi chinthu chomalizidwa ndi waukulu, ndipo mmenemo ndimo muli zimene Collingwood ankafuna.

Mikanda imaphunzitsa zomwezo mwa njira ina. Wotunga amagwira ntchito ndi timadontho tofanana kukula, ta mitundu yowerengeka, ndipo mkanda uliwonse umakhala pa malo amene kuwerenga kwaupatsa. Sangasakanize mitundu iwiri kuti apeze wachitatu monga amachitira wojambula. Akaphonya mkanda umodzi pa mzere wachisanu, ngodya ya chithunzi imapotoka pa mizere yonse yotsatira, ndipo ayenera kumasula. Munthu wakunja angaone ngati ndi ukapolo wa masamu. Koma mukaima pa mikanda ya Atonga imene ili mu nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya ku Choma, muona kuti m'malamulo omwewo wina anangodzaza malo, pamene wina anadziwa poika mzere umodzi woyera kuti zofiira ndi zakuda ziyambe kuyenda. Wolemba ndakatulo ya mizere yowerengeka amakhala mu mpanda wofanana, ndipo palibe amamutcha mmisiri chifukwa cha mpandawo.

Yankho lachitatu silinenedwa mokweza, koma ndilo limagwira ntchito kwambiri pamsika. Luso lili ndi dzina la mwini wake, pamene ntchito zamanja zili ndi dzina la mtundu. Pansi pa chojambula amalemba dzina la munthu ndi chaka. Pansi pa mtsuko amalemba kuti ndi wa Achewa, wa Alunda kapena wa Atonga, ngati kuti mtundu wonse unakhala pansi n'kuumba ndi dzanja limodzi. Pa sukulu ya Cardew, Ladi Kwali anayamba kudinda zilembo LK pa zoumba zawo, ndipo zilembo ziwirizo zinachita zambiri kuposa galasi.

Koma kusowa dzina kumeneku n'kwa wogula, osati kwa woumba. M'mudzi uliwonse wa oumba, amayi amadziwa mtsuko wa aNaphiri ndi wa aNabanda pongoyang'ana mlomo wake. Amadziwa amene mitsuko yake imakhalitsa, amadziwanso amene mitsuko yake imakoma m'maso, ndipo sasokoneza ziwirizi. Amayenda mtunda kupitirira woumba wapafupi kuti akagule kwa amene amamukonda. Kumeneko ndi kuweruza luso, ngakhale sikulembedwa m'magazini. Dzina limatayika panjira, chinthu chikadutsa m'manja mwa ogula ndi ogulitsa amene sanaone chifukwa chofunsira. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, manda amene anapezeka mu 1960 anali ndi mikanda yagolide ndi yagalasi, zidutswa za nsalu ndi mbiya zosalala bwino. Anthu olemera a nthawi imeneyo anasankha kugona ndi zinthu zimenezi. Ndikukhulupirira kuti ankadziwa manja amene anaumba mbiyazo, monga ife tidziwira telala wathu.

Mayankho atatuwa akagwa, chimatsala n'chosakondweretsa. Zinthu zimene zinakankhidwira kunja kwa mpanda, dongo, ulusi ndi mikanda, ndi zimene m'madera ambiri zinali m'manja mwa akazi, za m'nyumba ndi zakukhitchini. Ngakhale ku Bauhaus, sukulu ya zaluso ya ku Germany imene inkadzitama kuti ikugwetsa malire a mmisiri ndi waluso, ophunzira aakazi ambiri ankalozeredwa ku chipinda choluka nsalu. Anni Albers anali mmodzi wa iwo, ndipo mu 1949 anakhala woluka nsalu woyamba kupatsidwa chionetsero chakechake ku Museum of Modern Art ku New York. Malire amene amagwera ndendende pamene pathera ntchito za amuna ophunzira ndi oyenera kuwakayikira.

Pali mayi wina amene moyo wake umaoneka ngati yankho kwa uvuni wa Cardew. Magdalene Odundo anabadwira ku Nairobi mu 1950, anakaphunzira ku England, ndipo m'ma 1970 anapita ku Abuja komwe anaona Ladi Kwali akuumba. Iye anabwerera ku njira yakale. Amaumba ndi manja posanjikiza dongo, sapaka galasi, amakulungiza ndi miyala mpaka dongo liwale lokha. Akaocha pamoto wokhala ndi mpweya wokwanira, choumbacho chimatuluka chofiirira. Akachiochanso m'chotengera chotseka chodzaza utsi, chimada. Mawanga akuda amene amayi a kumudzi amawapeza pamene chikuni chinatsamira mphika amachokera ku chinthu chomwecho. Zoumba za Odundo zagulidwapo pa mitengo ya mapaundi zikwi mazanamazana. Njira yake imasonyeza kuti galasi ndi moto waukulu sizinali zofunika kuti dongo lilemekezedwe. Komabe palibe amathira madzi m'zoumba zake, ndipo iye saziumbira zimenezo. Chitseko chinatseguka kwa njira ya kumudzi, koma mtsuko wa madzi ukadali panja.

Wina anganditsutse kuti ndikulimbana ndi nkhondo imene woumba wa kumudzi sanaipemphe. Iye safuna kutchedwa dzina lalikulu, amafuna mitsuko yake igulidwe, makamaka lero pamene zigubu zapulasitiki ndi mapoto achitsulo zamulanda msika. Kumuuza kuti ndi waluso wapamwamba n'kumusiya ndi njala ndi chikomekome cha nkhuyu. Palinso choopsa china. Tikati mtsuko ndi wolemekezeka chifukwa ukufanana ndi chosema, kapena chofunda ndi chabwino chifukwa chikufanana ndi chojambula, ndiye kuti tavomereza kuti chosema ndi chojambula ndiwo muyeso. Tawakweza powavula chimene ali.

Kutsutsaku n'koona, ndipo kumandithandiza kuona chimene ndikufuna. Sindikupempha kuti mtsuko ukwezedwe kupita ku gulu lina. Ndikupempha kuti uweruzidwe mokwanira, ndi kuti kuziziritsa madzi kuwerengedwe ngati mbali ya kukoma kwake. Khoma la mtsuko lopyapyala moti umanyamulika, koma lochindikala moti susweka, lotulutsa thukuta osasandutsa pansi matope, ndi chipambano cha maso ndi zala chofanana ndi kupindika kwa khosi lake. Woumba sazilekanitsa pogwira ntchito. Mwa muyeso umenewu, mitsuko yagalasi ya Ladi Kwali inapindula kuwala ndi moyo wautali, koma inatayanso kanthu, ndipo n'zololeka kunena zonse ziwiri. Mayiwa sanali munthu wongotengedwa. Anagwiritsa ntchito zida zatsopano mwaukatswiri, anayenda maiko akuonetsa kaumbidwe kawo, ndipo mu 1977 yunivesite ya Ahmadu Bello inawapatsa digiri yaulemu. Mlandu suli pa iwo. Uli pa maso amene anafunikira galasi kuti aone.

Chinenero chathu chili ndi mwayi pankhaniyi. Mawu akuti luso sasankha. Timati woumba ndi waluso, woyimba ng'oma ndi waluso, wolankhula pabwalo la milandu ndi waluso, ngakhale wophika thobwa. Koma sitinena zimenezi za aliyense. Pali oumba ambiri, aluso ndi ochepa, ndipo mudzi umawadziwa. Ndiye kuti malire tili nawo, koma amadutsa mkati mwa ntchito iliyonse, pakati pa wongomaliza ndi wosamala, pakati pa wobwereza mosaganiza ndi wosankha. Sadutsa pakati pa dongo ndi penti. Malire amenewa ndi ovuta kuposa aja a ku Ulaya, chifukwa salola munthu kuweruza pongomva dzina la chipangizo. Amafuna kuti anyamule mtsuko, augogode, auzungulire, amwe madzi ake.

Zimenezi zili ndi zotsatira zimene tingazigwire. Mu Lusaka muli Henry Tayali Gallery ndi Kabwata Cultural Village, malo awiri osatalikirana kwenikweni, ndipo tonse timadziwa popanda kuuzidwa kumene timayembekezera kupeza dzina la wopanga ndi kumene timapita kukanenerera mtengo. Chizolowezi chimenecho chili mwa ife ogula. Munthu yemweyo amene sangayerekeze kupempha wojambula kuti atsitse mtengo ndi theka amalimbana ndi mayi wa mikanda pa makwacha ochepa, pa chinthu chimene chinadya masiku ndi maso. Wosonkhanitsa zinthu zoonetsa amene amalemba dzina la mtundu m'malo mwa dzina la munthu, pamene munthuyo ali moyo ndipo mudzi wake ukufikika, wasankha kusafunsa. Wogulitsa amene amauza oumba kuti achepetse mitsuko ikwane m'chikwama cha mlendo, ndi kuipaka polishi wa nsapato kuti iwale, akuchita za uvuni uja mwa njira yotchipa.

Mwambi womveka m'mitundu yambiri ya kuno ku Africa umati woumba amadyera m'phale. Nthawi zambiri timaunena moseka, za mmisiri amene amasamala za ena n'kuiwala zake. Ine ndimaumva ngati mlandu. Ngati woumba akudyera m'phale pamene mtsuko wake wakhala pa tebulo la munthu wina m'tauni, wopanda madzi ndi wopanda dzina, sikuti dongo ndi lotsika. Pali munthu amene anaugula osafunsa kuti anaumba ndani, ndipo funsolo silidula ngwee.